Kaphatikizidwe ka mafulakishoni a nambala zapansi zosiyana pogwiritsa ntchito LCM

Mukamupatsa mwana samu ya 1/2 + 1/3 asanaphunzitsidwe njira yake, kawirikawiri amalemba 2/5. Waphatikiza zapamwamba, 1 ndi 1, kenako waphatikiza zapansi, 2 ndi 3, ndipo akuona kuti wakhoza. Musafulumire kumudula. Mufunseni chabe kuti: unali ndi theka la chinthu, wawonjezerapo china, ndiye zatheka bwanji kuti ukhale ndi chochepa kuposa theka? Pajatu 2/5 sikwana theka. Theka la zidutswa zisanu ndi zidutswa ziwiri ndi hafu, pomwe iye ali ndi ziwiri zokha.

Vuto lagona pa ntchito ya nambala yapansi. Nambala imeneyi siwerenga kanthu ayi, imangotiuza kukula kwa chidutswa. Ikakhala 12, ndiye kuti chinthu chathunthu chadulidwa magawo 12 ofanana. Nambala yapamwamba ndiyo imawerenga kuti mwa zidutswazo tatengapo zingati. Choncho zidutswa zikasiyana kukula sitingaziwerengere pamodzi, monga momwe munthu sangaphatikizire mamita 3 ndi masentimita 40 n'kunena kuti wapeza 43. Tiyenera kuyamba tazidulanso zonse kuti zifanane kukula, ndipo LCM ndi imene imatiuza kuti tidule motani.

Tiyenda ndi samu imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza:

5/12 + 7/18

Ndasankha imeneyi dala. 12 simalowa mu 18, komanso nambala ziwirizi zili pachibale chifukwa zonse zimagawika ndi 6. Pa masamu a mtundu umenewu ndi pomwe LCM imaonetsa phindu lake lenileni.

Sitepe yoyamba: pezani LCM ya nambala zapansi

LCM ndi nambala yaing'ono kwambiri imene nambala zonse zapansi zimalowamo popanda chotsala. Kunena kwina, ndi nambala yoyamba kupezeka m'matebulo onse awiri, tebulo la 12 ndi tebulo la 18.

Ambiri anaphunzira kulemba matebulo onse awiri, kenako n'kuyang'ana pomwe akumana:

12, 24, 36, 48, 60
18, 36, 54, 72

Akumana pa 36. Njirayi ndi yolondola, koma ili ndi ntchito yosafunika. Lembani tebulo la nambala yaikulu lokha, ndipo pa nambala iliyonse dzifunseni ngati yaing'onoyo ikulowamo. Kodi 12 imalowa mu 18? Ayi, imalowa kamodzi n'kutsala 6. Nanga mu 36? Inde, katatu ndendende. Imani pomwepo, LCM ndi 36. Tayesa kawiri kokha. Timayambira yaikulu chifukwa imadumpha mtunda wautali, motero imafika msanga pokumanirapo.

Kuti muone ndi maso chimene 36 ikuchita, dulani kapepala kotalika masentimita 36 ndipo mukatenge ngati chinthu chathunthu. Mukakagawa magawo 12, gawo lililonse likhala masentimita 3. Mukakagawa magawo 18, gawo lililonse likhala masentimita 2. Zidutswa za masentimita 3 ndi za masentimita 2 n'zosiyana, koma zonse zingathe kuyezedwa ndi kachidutswa ka sentimita imodzi, komwe ndi 1/36 ya kapepalako. Kachidutswa kameneka ndiko muyezo watsopano umene mafulakishoni onse awiri akugwirizana nawo. Mukadatenga kapepala ka masentimita 24, magawo 12 akadatuluka bwinobwino, koma magawo 18 akadagwera pakati pa timizere ta rula. Mukadatenga ka masentimita 72 zikadathekanso, koma kukadakhala kudzipatsa timizere tambiri towerenga popanda chifukwa.

Sitepe yachiwiri: sinthani fulakishoni iliyonse kuti pansi pakhale 36

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, ndiye tiyende modekha. Tengani fulakishoni imodzi payokha. Kwa 5/12 funso ndi lakuti: 12 imalowa kangati mu 36? Katatu. Ndiye chulukitsani nambala yapansi ndi 3, yapamwambanso ndi 3.

5/12 = (5 × 3)/(12 × 3) = 15/36

Kwa 7/18 funso ndi lomwelo, koma yankho ndi lina: 18 imalowa kawiri mu 36.

7/18 = (7 × 2)/(18 × 2) = 14/36

Chifukwa chiyani tikuchulukitsanso yapamwamba? Bwererani ku kapepala kaja. Chidutswa chimodzi cha 1/12 ndi masentimita 3, kutanthauza tizidutswa titatu ta 1/36. Munali ndi zidutswa zisanu zoterezi, ndipo chilichonse mwachidula patatu, choncho tsopano muli ndi tizidutswa 15. Pepala silinawonjezeke, silinachepenso. Kutalika kwake kukadali masentimita 15, tangosintha kawerengedwe. Munthu akasintha yapansi yokha n'kulemba 5/36, ndiye kuti wadula zidutswa zake patatu, watola tizidutswa tisanu, khumi tinato wataya.

Cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri m'makope ndi kusinthanitsa nambala zochulukitsira. Munthu wapeza bwino 3 ndi 2, koma pofika pochulukitsa waika 2 pa 5/12 ndi 3 pa 7/18, n'kupeza 10/36 ndi 21/36. Mankhwala ake ndi osavuta: lembani kuchulukitsako pansi ndi pamwamba pomwe, monga ndachitira pamwambapa, osangokuchitira m'mutu. Mukalemba 12 × 2 muona nokha kuti ikupereka 24 osati 36, ndipo mubwerera msanga. Ena amaona ngati kulemba zonsezi n'kwachibwana. Ine ndimati lembani ndithu mpaka dzanja lizolowere, kenako mudzasiya nokha osauzidwa.

Sitepe yachitatu: phatikizani zapamwamba zokha

15/36 + 14/36 = 29/36

Nambala yapansi isakhudzidwe. Tizidutswa 15 ndi tizidutswa 14 ndi tizidutswa 29, ndipo kukula kwake ndi komwe kuja. Pa kapepala, masentimita 15 ndi masentimita 14 apanga masentimita 29 mwa 36. Amene walemba 29/72 wabwereranso ku cholakwa cha mwana uja, pomwe ntchito yovuta anali atatha kale.

Sitepe yachinayi: onani ngati yankho lingachepetsedwe

Funsani ngati pali nambala, kupatula 1, imene imalowa m'nambala yapamwamba ndi yapansi yomwe. Simukuyenera kuyesa nambala zonse. 36 imapangidwa ndi 2 ndi 3 basi, chifukwa 36 = 2 × 2 × 3 × 3, choncho n'kokwanira kuyesa ziwirizi pa 29. Kodi 2 imalowa mu 29? Ayi. Nanga 3? Imalowa kasanu n'kanayi n'kutsala 2, ndiye ayinso. Yankho ndi 29/36 ndipo latha.

Pali chikhulupiriro china chakuti ukagwiritsa ntchito LCM yankho limatuluka lochepetsedwa kale. Si zoona nthawi zonse. Yesani 1/6 + 1/10. Tebulo la 10 likuti 10, 20, 30, ndipo 6 ikulowa mu 30, ndiye LCM ndi 30. Tipeza 5/30 + 3/30 = 8/30. Nambala zonse ziwiri zikugawika ndi 2, motero yankho lomaliza ndi 4/15. LCM inali yolondola, koma kuchepetsa kunafunikabe. Choncho sitepe imeneyi musamaidumphe.

Nthawi zina yapamwamba imaposa yapansi. Mu 5/6 + 3/4, LCM ndi 12, ndipo 10/12 + 9/12 = 19/12. Palibe cholakwika, zikungotanthauza kuti tadutsa chinthu chimodzi chathunthu. 12 imalowa kamodzi mu 19 n'kutsala 7, ndiye tingalembe 1 7/12 ngati funso likufuna choncho.

Kudziyesa nokha musanapereke yankho

Musanakhulupirire yankho, liyang'aneni ndi diso la kuyerekeza. 5/12 yatsala pang'ono kukwana theka, popeza theka likanakhala 6/12. Nayo 7/18 sikwana theka, lomwe ndi 9/18. Zinthu ziwiri zosakwana theka zikaphatikizana sizingakwane chathunthu, koma popeza zonse zili pafupi ndi theka, yankho lisatalikire kwambiri 1. Tapeza 29/36, imene yapereweza 7/36 kuti ikwane 1. Zikugwirizana.

Mungathenso kuwerenga zoperewerazo molunjika. 5/12 yapereweza 1/12 kuti ifike theka, omwe ndi masentimita 3 pa kapepala kathu. 7/18 yapereweza 2/18, omwe ndi masentimita 4. Pamodzi ndi masentimita 7, ndipo 36 kuchotsapo 7 ndi 29. Tafika pa yankho lomwelo kudzera njira ina. Kuyesa kumeneku kukanamugwira uja wosinthanitsa nambala zochulukitsira, amene anapeza 31/36. Kuyerekeza ndi diso kokha sikukanamugwira, chifukwa 31/36 nayo ili pansi pa 1 ndipo imaoneka yabwinobwino.

Uja wophatikiza zapamwamba ndi zapansi akanapeza 12/30, yomwe ndi 2/5. Yankho lotere lili ndi chizindikiro chake: nthawi zonse limagwera pakati pa mafulakishoni awiri aja, pamwamba pa yaing'ono koma pansi pa yaikulu. Pano 2/5 ndi yaikulu kuposa 7/18 koma yaing'ono kuposa 5/12. Kuphatikiza sikungapereke chinthu chochepera chimodzi mwa zomwe waphatikizazo. Mukangoona yankho lotero m'kope, musachite kufufuza patali, mwadziwa kale chomwe chachitika.

Bwanji osangochulukitsa nambala zapansi?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndipo ndi funso labwino. 12 × 18 = 216, ndipo n'zoona kuti 12 ndi 18 zonse zimalowa mu 216. Tiyeni tiyese:

5/12 = 90/216
7/18 = 84/216
90/216 + 84/216 = 174/216

Yankholi si lolakwa. Koma tsopano muli ndi 174/216 m'manja, ndipo muyenera kuichepetsa. Gawani ndi 2 mupeza 87/108. Ambiri amaima pamenepa chifukwa 87 imaoneka ngati sigawikanso, chikhalirecho 87 = 3 × 29. Gawaninso ndi 3 mufika pa 29/36. Ulendo womwewo, koma mwauyenda mutasenza katundu wolemera kasanu n'kamodzi, ndipo malo olakwitsirapo achuluka: kuchulukitsa 12 ndi 18, kuchulukitsa 5 ndi 18, kuchepetsa kawiri.

Kasanu n'kamodziko sikunangochitika mwamwayi. 6 ndi nambala yaikulu kwambiri imene imalowa mu 12 ndi mu 18 momwe, imene m'mabuku imalembedwa HCF. Mukachulukitsa 12 ndi 18 mumaiwerenga kawiri, pomwe imafunika kamodzi. N'chifukwa chake 216 ÷ 6 = 36. Pa nambala ziwiri zilizonse, mukazichulukitsa n'kugawa ndi HCF yake, mupeza LCM. Lamuloli ndi la nambala ziwiri zokha, musalitengere pa zitatu.

Zikutanthauzanso kuti nambala zapansi zikakhala zopanda chibale, ndiye kuti palibe imene imalowa mu zonse ziwiri kupatula 1, kungozichulukitsa ndi komwe kumapereka LCM. Mu 3/8 + 2/9 musavutike ndi matebulo, LCM ndi 8 × 9 = 72, ndipo 27/72 + 16/72 = 43/72. Mbali inayi, yaing'ono ikamalowa mu yaikulu, monga 5 ndi 20, LCM ndi yaikuluyo ndipo fulakishoni imodzi yokha ndiyo isinthe: 2/5 + 3/20 = 8/20 + 3/20 = 11/20. Choncho mukangoona samu, yambani mwayang'ana nambala zapansi n'kufunsa kuti zili m'gulu liti mwa atatuwa.

Nambala zikakula

Njira ya tebulo imayamba kutopetsa nambala zikakhala zazikulu. Tengani 5/84 + 7/90. Mukati muyende ndi tebulo la 90, muyesa 90, 180, 270, 360, n'kumapitirira mpaka nambala ya 14, ndipo paliponse mukugawa ndi 84. Pamenepa ndi bwino kuziphwanya nambalazo kukhala mapulayimu. Pulayimu ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13.

Phwanyani iliyonse poigawa ndi pulayimu yaing'ono imene ikulowamo, n'kumapitirira mpaka itatha. 84 ÷ 2 = 42, 42 ÷ 2 = 21, 21 ÷ 3 = 7, ndipo 7 ndi pulayimu. Chitani chimodzimodzi ndi 90.

84 = 2 × 2 × 3 × 7
90 = 2 × 3 × 3 × 5

Tsopano timange LCM. Ganizani kuti mukulongedza thumba limene 84 ikapisamo dzanja ipeze zake zonse, 90 nayo ikapisamo ipeze zake zonse, koma musaikemo chowonjezera. 84 ikufuna ma 2 awiri, 90 ikufuna mmodzi, ndiye ikani awiri. Si atatu ayi, chifukwa 90 ingagwiritse ntchito mmodzi mwa awiri omwewo. Ma 3 nawonso awiri, popeza 90 ikufuna awiri. Kenako 5 mmodzi ndi 7 mmodzi. Pa pulayimu iliyonse timatsata nambala imene ili nayo kambiri.

LCM = 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 = 1260

Anthu amalakwa mbali ziwiri apa. Ena amaika zonse zimene aziona, ma 2 atatu ndi ma 3 atatu, n'kupeza 7560, komwe kuli kungochulukitsa 84 ndi 90 mozungulira. Ena amatenga zokhazo zimene zikupezeka mbali zonse ziwiri, 2 × 3, n'kupeza 6, yomwe ndi HCF osati LCM. Cholakwa chachiwirichi n'chosavuta kuchigwira: LCM singakhale yaing'ono kuposa nambala yapansi yaikulu. Mukapeza 6 pomwe muli ndi 90, mwasokoneza ziwirizi.

Ubwino wina wa mapulayimu, umene ambiri sauona, ndi wakuti amakupatsaninso nambala zochulukitsira popanda kugawa kwautali. Mukufuna kudziwa kuti 84 imalowa kangati mu 1260? Pa mzere wa LCM uja phimbani ndi chala zake za 84, zomwe ndi 2, 2, 3 ndi 7. Zatsala 3 × 5, ndiye 15. Kwa 90 phimbani 2, 3, 3 ndi 5. Zatsala 2 × 7, ndiye 14.

5/84 = (5 × 15)/1260 = 75/1260
7/90 = (7 × 14)/1260 = 98/1260
75/1260 + 98/1260 = 173/1260

Poona ngati lichepetsedwe, yesani mapulayimu omwe aja pa 173. 2 salowa chifukwa nambalayo ikuthera ndi 3. Pa 3, phatikizani manambala ake, 1 + 7 + 3 = 11, ndipo 11 sigawika ndi 3, ndiye ayi. 5 ayi, chifukwa sikuthera ndi 0 kapena 5. Pa 7, 7 × 24 = 168, kutsala 5. Palibe yolowa, yankho likhala 173/1260.

Ndinene kuti pa nambala zazing'ono monga 4 ndi 6 kuphwanya mapulayimu n'kutaya nthawi. Ndaonapo ophunzira akudzaza theka la tsamba pofuna 12 imene akanainena pakamwa. Sankhani njira molingana ndi kukula kwa nambala.

Zina zimene mungakumane nazo

Musanafune LCM, yang'anani ngati fulakishoni ina ingachepetsedwe kaye. Mu 9/12 + 1/10 munthu wothamanga apeza LCM ya 12 ndi 10, yomwe ndi 60. Koma 9/12 ndi 3/4, ndipo LCM ya 4 ndi 10 ndi 20 chabe: 15/20 + 2/20 = 17/20. Wa 60 uja apeza 51/60, n'kuyambanso kuchepetsa kuti afike pomwepo.

Pakakhala nambala zathunthu kutsogolo, monga 2 5/12 + 1 7/18, phatikizani zathunthuzo pazokha, 2 + 1 = 3, mafulakishoninso paokha monga tachitira, ndipo mupeza 3 29/36. Mafulakishoniwo akadutsa 1, chathunthu chotulukacho chikalowe kwa anzake: 2 5/6 + 1 3/4 = 3 + 19/12 = 3 + 1 7/12 = 4 7/12. Kusiya 3 19/12 n'kusiya samu panjira.

Mafulakishoni akakhala atatu, njira ndi yomweyo, koma LCM ilandire nambala zapansi zonse zitatu. Mu 1/4 + 5/6 + 2/9 yendani ndi tebulo la 9. Pa 9, 4 salowa. Pa 18, 6 ikulowa ndithu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaima mosangalala, kuiwala kuti 4 salowa mu 18. Pa 27, 4 ndi 6 salowa. Pa 36 zonse zalowa: 4 ikulowa ka 9, 6 ikulowa ka 6, 9 ikulowa kanayi. Ndiye 1/4 = 9/36, 5/6 = 30/36, 2/9 = 8/36, ndipo pamodzi ndi 47/36, kapena kuti 1 11/36. Kuti mutsimikize, onani kuti 5/6 yapereweza 6/36 kuti ikwane 1. Tengani 6 ameneyo pa 17/36 ya anzake awiri aja, ndipo patsala 11/36 pamwamba pa chathunthu chimodzi.